Mtengo wa oda ya mawa ndiwo umasunga mpamba: phunziro kwa amalonda a kunyanja ya Chilwa

Pa 9 Novembala 2023, banki yaikulu ya dziko lino inasintha mtengo wogulitsira dola imodzi ya ku Amerika kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tsiku lotsatira bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. Kwa mwini okala pa doko la Kachulu, kapena wa benchi pamsika wa Govala ndi wa Jali m'boma la Zomba, katundu amene anali pa shelefu m'mawa umenewo anali yemwe uja wa dzulo. Chimene chinasintha ndi ndalama yofunika kuti katunduyo akadzatha abwezeretsedwe.

Vutoli limapweteka kwambiri amalonda a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, katundu wambiri amene asodzi ndi mabanja awo amagula ndi wochokera kunja: matochi, mabatire, ulusi wosokera maukonde, mbedza, mchere ndi zovala za kaunjika. Ngakhale mafuta ophikira amene amayengedwa konkuno, ambiri amalowa m'dziko muno ali osayenga ndipo amagulidwa ndi madola. Chachiwiri, kooda ndi kutali. Kuchokera pa Kachulu kufika m'tauni ya Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, mbali yaikulu msewu wafumbi, ndipo wofuna mtengo wa holoselo amapitirira mpaka ku Limbe. Ulendo wotere sungayendedwe sabata iliyonse. Pakati pa oda imodzi ndi inzake pamadutsa mwezi kapena kuposera, ndipo m'masabata amenewo ndi momwe mpamba umadyekera mwini wake osadziwa.

Mtengo woyang'ana ndi wa ku holoselo

Nkhani ya mu 2023 sinali yoyamba. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwanso ndi 25 peresenti. Chifukwa chake n'chimodzi nthawi zonse: dziko lino limagula kunja katundu wa ndalama zambiri kuposa amene limagulitsa, choncho madola amasowa, ndipo chinthu chosowa chimakwera mtengo.

Wamalonda wamng'ono sagwira dola, koma amailipira kudzera kwa mwini holoselo. Apa pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu.

Choyamba n'chakuti kukwera kwa dola ku banki sikufanana ndendende ndi kukwera kwa katundu m'sitolo. Kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ndi kuwonjezera K44 pa K100 iliyonse, koma si katundu yense amene anakwera ndi muyeso umenewo. Mbali ina ya mtengo wa katundu ndi ya konkuno, monga lendi ndi malipiro a antchito. Komanso oitanitsa katundu ena anali atayamba kale kugula madola pamtengo wokwera kunja kwa mabanki, ndiye mitengo yawo inali itakwera kale. Wongomva pa wailesi kuti kwacha yagwa n'kukweza chilichonse ndi 44 peresenti akhoza kukhala ndi katundu wosayenda.

Chachiwiri ndi chosemphana ndi choyambachi. Kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa dola ku banki unaima pa K1,751 kwa nthawi yaitali, koma katundu wochokera kunja sanasiye kukwera, chifukwa madolawo m'mabanki sankapezeka okwanira. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita kuguba mpaka ku nyumba ya malamulo podandaula kuti mabelo akukwera mtengo mosalekeza, pamene mtengo wa dola ku banki unali usanasunthe. Wodikira chilengezo cha boma kuti asinthe mitengo yake akanadikira mpaka okala itauma.

Choncho nambala yofunika kwa wamalonda wa ku Kachulu ndi imodzi: lero, ku sitolo imene iye amaodako, katoni yomwe ija ikugulidwa ndalama zingati, ndipo kuifikitsa kunyanja kukudya zingati.

Momwe matochi 100 amasandukira 81

Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekeza. Manambala ake asankhidwa kuti masamu aoneke bwino, ndipo wamalonda aliyense akhoza kuikamo mitengo ya katundu wake.

Mayi wina wa okala pafupi ndi doko wapita ku Limbe kukaoda matochi otchaja 100 pa K3,000 imodzi. Walipira K300,000. Ulendo wopita ndi wobwera, wonyamula katundu pa depoti, kabaza ndi chakudya cha panjira zadya K30,000. Zonse pamodzi ndi K330,000, kutanthauza kuti tochi iliyonse yafika pa shelefu pa K3,300. Mayiyu waika mtengo wa K4,000, ndipo matochi atha m'masabata asanu ndi limodzi. M'thumba mwalowa K400,000.

Kuwerengera kwa masiku onse kumati phindu ndi K70,000. Mayiyu wachotsa ndalamayi, wagula ufa, walipira fizi ya mwana, ndipo wanyamuka ndi K330,000 yake yonse, mtima uli m'malo kuti mpamba sanaukhudze.

Ku Limbe wapeza tochi ili pa K3,600. Ulendo nawo wakwera, tsopano ukudya K36,000. Akachotsa ya ulendoyo, yotsala yoodera ndi K294,000, imene ikukwana matochi 81 okha. Palibe wamubera, palibe tochi imene inawonongeka, palibenso amene anathawa ndi ngongole, koma matochi 19 asowa.

Phindu lenileni la ulendo woyamba uja limapezeka pofunsa kuti kubwezeretsa matochi 100 kukufuna ndalama zingati. Yankho ndi K360,000 ya matochi ndi K36,000 ya ulendo, zonse K396,000. Pa K400,000 imene inalowa, yotsala ndi K4,000 yokha. Imeneyo ndiyo inali yoyenera kudya. K66,000 inayo imene inapita ku ufa ndi fizi inachokera mu mpamba.

Bala lachiwiri limabisala mu thiransipoti. Minibasi siichepetsa mtengo chifukwa munthu wanyamula matochi ochepa. Pa ulendo woyamba tochi iliyonse inasenza K300 ya ulendo. Pa wachiwiri K36,000 ikugawidwa pa matochi 81, ndiye iliyonse ikusenza pafupifupi K444. Tochi yafika pa shelefu pa K4,044, kuposa K4,000 imene makasitomala anazolowera. Mayiyu akapanda kuwerengera n'kupitiriza mtengo wakale, ndiye kuti akulipira anthu kuti amutengere katundu. Umu ndi momwe okala imene inali yodzaza imasandukira ya mabotolo awiri a mafuta ndi machesi, mwini wake akulumbira kuti sanadyepo mpamba.

Kusintha mtengo katundu asanathe

Njira yotetezera mpamba ndi kuika mtengo potengera oda ikubwera, osati imene inapita. Risiti yakale imangonena za ndalama imene inatuluka kale. Funso la tsiku lililonse n'lakuti tochi ikachoka pa shelefu lero, ina yolowa m'malo mwake idzafika pa ndalama zingati.

M'chitsanzo chija, zinthu zikanasintha mayiyu akanaimba foni ku holoselo pakati pa nthawi. Pofika sabata yachitatu anali atagulitsa matochi 50 pa K4,000, ndipo anali ndi K200,000. Akanamva tsiku limenelo kuti tochi yafika pa K3,600 ndipo ulendo uli pa K36,000, akanadziwa kuti tochi yatsopano idzafika pa K3,960. Nambala imeneyi ndiyo malire a pansi. Kugulitsa pa mtengo wochepera apa ndi kudya mpamba, ngakhale tochiyo anaigula pa K3,000.

Pamwamba pa malirewo pakufunika phindu. Poyamba mayiyu ankapeza K700 pa K3,300, zomwe ndi K21 pa K100 iliyonse. Kungowonjezera K700 yomweyo kungapereke mtengo wa K4,660, koma K700 ya lero sikugulanso sopo ndi mchere umene inkagula mwezi watha. Kusunga muyeso wa K21 pa K100 kukupereka mtengo wa K4,800. Matochi 50 otsala akagulidwa pa K4,800, pakulowa K240,000. Zonse pamodzi ndi K440,000. Akachotsa K396,000 yobwezeretsera matochi onse 100, phindu ndi K44,000. N'lochepa poyerekeza ndi K70,000 imene ankayembekeza, koma n'lenileni, ndipo shelefu ikubwerera mwakale. Kusiyana kwa K4,000 ndi K44,000 kwachokera pa foni imodzi.

N'chifukwa chake nambala ya foni ya wogulitsa ku holoselo ndi chida cha bizinesi ngati sikelo. Kufunsa kamodzi pa sabata n'kokwanira pa nthawi ya bata. Wofunsayo atchule dzina lenileni la katundu, kukula kwake ndi kuchuluka kwa m'katoni, chifukwa nthawi zina mtengo wa katoni umakhala womwewo pamene za m'kati zachepa. Afunsenso masitolo awiri, kapena mnzake amene wangobwera kumene kooda, kuti asakweze katundu chifukwa cha mphekesera.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti kufunsa kamodzi pa sabata sikukukwananso. Mwini holoselo akayamba kunena kuti mtengo umene watchula ndi wa lero lokha, akayamba kuika malire a makatoni amene munthu mmodzi angagule, akachotsa mapepala a mitengo pa mashelefu, kapena akaleka kupereka katundu pa ngongole kwa makasitomala ake akale, ndiye kuti iyenso sakudziwa kuti katundu wina adzamupeza pa mtengo wanji. Mizere ya galimoto ikayamba pa malo omwetsera mafuta ku Zomba, mtengo wa ulendo umakwera ngakhale MERA isanalengeze kanthu.

Kupatula kulumpha kwadzidzidzi, palinso kukwera kwa pang'onopang'ono. Malinga ndi ofesi ya boma yowerengera zinthu ya NSO, imene likulu lake lili ku Zomba komweko, mu Januwale 2024 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi Januwale wa chaka chapitacho. Zinthu zikamakwera ndi 30 peresenti pa chaka, pa mwezi zimakwera ndi K2 ndi kakang'ono pa K100 iliyonse. Pa tochi ya K3,300 yokhala masabata asanu ndi limodzi, ndi pafupifupi K100. Ikakhala miyezi itatu, ndi K220. Ndalama imeneyi iyenera kulowa mu mtengo tsiku loyamba lomwe, ndipo katundu wochedwa kuyenda ndiye ayenera kusenza yambiri. Mchere ndi mafuta ophikira, zimene zimatha m'masiku ochepa, zikhoza kuyenda ndi phindu laling'ono. Ukonde umene ungakhale pa msomali miyezi inayi sungagulitsidwe ndi phindu la mchere.

Makasitomala akakana mtengo watsopano

Masamu ndi osavuta. Chovuta ndi msodzi amene waima pa windo la okala, amene dzana anagula tochi pa K4,000, ndipo akuona kuti katoni ndi yomwe ija. Ndalama zake zimachokera ku matemba, mlamba ndi makumba, ndipo mtengo wa nsomba sutsata dola tsiku lomwelo. Pafupi pomwepo pali okala ina imene mwini wake sanaimbe foni ndipo akugulitsabe pa mtengo wakale.

Choyenera kudziwa n'chakuti mnzake wogulitsa motchipayo katundu amuthera msanga, ndipo akakaoda adzabwera ndi mtengo watsopano kapena woposerapo. Kupikisana naye m'masabata awiri amenewo ndi kuthamangira limodzi kuphompho. Mwa matochi 50 aja, akagulidwa 30 okha pa K4,800, otsala 20 sanatayike. Iliyonse ndi ya K3,960 pa mtengo wa lero, ndipo pa oda yotsatira mayi uja adzangofunika kugula 80.

Izi zili ndi malire ake. Matochi otchaja akakhalitsa osagwira ntchito mabatire ake amafooka. Mchere umayamwa chinyezi cha kunyanja. Mafuta ophikira ali ndi tsiku lothera ntchito. Banja nalo limafuna ndalama ya ndiwo tsiku lililonse. Choncho kukweza kukhoza kuchitika m'magawo awiri, K4,400 sabata ino ndi K4,800 sabata yamawa, bola osatsika pansi pa K3,960. Kasitomala wa masiku onse akauzidwa pasadakhale kuti Lolemba mtengo usintha chifukwa ku Limbe zakwera, amadandaula koma sachoka. Amene amachoka ndi amene waona ngati mtengo wasinthira nkhope yake.

Pa katundu wogawika, njira ina ndi kuwonjezera miyeso ing'onoing'ono. Wosakwanitsa botolo la mafuta agule theka, wosakwanitsa mpukutu wonse wa ulusi agule wodula. Koma muyeso uliwonse uwerengedwe kuchokera pa mtengo wa oda ikubwera, kuphatikizapo timapepala tomangira ndi mafuta otsalira m'chigubu. Kuchepetsa muyeso mobisa, monga kuphwanya pansi pa kachitini kapena kusokoneza sikelo, ndi mlandu, ndipo pa doko pamene aliyense amadziwa mnzake mbiri yotere siichedwa kufika mpaka pa chilumba cha Chisi.

Kuika mtengo wobwezeretsera katundu n'kosiyananso ndi kubisa katundu kuti asowe, kapena kukweza mopyola muyeso chifukwa anthu alibe kolowera. Zimenezi ndi zimene bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC limaletsa. Wamalonda amene amasunga marisiti, ndipo amalemba m'kope tsiku limene anafunsa mtengo ndi yankho limene analandira, ali ndi chosonyeza aliyense womufunsa.

Ndalama yogona m'chitini

Pamene matochi ali pa shelefu, mtengo wake umakwera limodzi ndi wa ku Limbe. Tochi ikangosanduka ndalama, chitetezo chimenecho chatha. K200,000 imene mayi uja anali nayo pa sabata yachitatu ikanagula matochi 66 pa K3,000, koma pa K3,600 ikugula 55. Nthawi yoopsa kwambiri pa bizinesi yotere ndi imene ndalama ili m'chitini kapena mu foni, kudikira kuti katundu yense athe.

Kupita kooda pafupipafupi kungathetse vutoli, koma ulendo wa K36,000 pa oda ya K150,000 ukudya K24 pa K100 iliyonse, phindu lonse n'kuthera m'minibasi. Yankho lake ndi kuphatikiza maulendo. Amalonda anayi odalirana akagwirizana kuti sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse mmodzi azipita m'malo mwa onse, mtengo wa mpando umagawidwa panayi, ngakhale wa katundu umakwerako. Aliyense amalemba oda yake papepala, wopitayo amabwera ndi risiti ya aliyense payokha, ndipo amagwirizana asananyamuke za chochita akapeza mtengo wasintha: kuimba foni, kapena kugula zochepa. Magulu otere amasweka kawirikawiri pa nkhani ya katundu wosweka panjira, choncho ndi bwino kugwirizana pachiyambi kuti zikatero aluza ndani.

Njira ina ndi kulipiriratu kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kwa mwini holoselo wodziwika bwino, katundu n'kudzatenga pambuyo. Apa mawu a mgwirizano ndiwo ofunika. Uthenga wakuti sitolo yalandira K150,000 sukuteteza kanthu, chifukwa tsiku lotenga katundu akhoza kuwerengera pa mtengo watsopano. Uthenga woteteza ndi wonena kuti matochi 50 a mtundu wakutiwakuti alipiridwa ndipo asungidwa. Ndalama itumizidwe ku nambala imene wamalonda anaitenga yekha m'sitolomo, osati imene yabwera pa uthenga wonena kuti nambala yasintha, poti akuba a pa foni amadziwa bwino njira imeneyi. Ndalama yodulidwa potumiza nayo ilowe mu mtengo wa katundu.

Ena amaganiza zosunga mpamba mu ndalama yakunja, makamaka metikali, popeza tsidya la kummawa kwa nyanjayi lili m'malire ndi Mozambiki. N'zoona kuti kuyambira 2021 metikali yakhala pafupifupi 64 pa dola imodzi, kotero kwacha ikagwa pa dola imagwanso pa metikali, ndipo wooda katundu wa tsidya ilo amamva kuwawa komweko. Koma kusinthitsa ndalama kwa anthu opanda chilolezo n'koletsedwa ndi malamulo, kuli ndalama zachinyengo, ndipo katundu wolowa mozemba msonkho akhoza kulandidwa ndi MRA. Kwa mwini okala, kosungira mpamba kosavuta ndi katundu amene akudziwa kuti amayenda.

Mawu akuti amene amayenda ndi ofunika, chifukwa nyanja ya Chilwa ili ndi nyengo zake. Kuyambira mu Disembala usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo ndalama pa doko imachepa. Nyanjayi ndi yosaya ndipo imaphwa: inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhala pamatope ouma pa Kachulu, asodzi ambiri n'kusamukira kwina. Wothira mpamba wonse mu maukonde pothawa kugwa kwa kwacha, madzi akubwerera m'mbuyo, wathawa mvula n'kugwera m'chitsime. Nthawi yotere ndalama ipite ku katundu amene alimi a mpunga a ku Likangala ndi mabanja a kumtunda amagulanso.

Ngongole yopereka ndi yotenga

Malonda a kunyanja sayenda opanda ngongole. Msodzi wopita kukakhala masabata pa zimbowera amatenga tochi, mabatire ndi mchere, n'kulonjeza kudzalipira akabwera ndi nsomba. Kumukana ndi kumupereka kwa okala ina. Koma tochi yotengedwa pa K4,000 mu Novembala n'kulipiridwa mu Malichi, pamene yatsopano ikufika pa K4,044, yabweza ndalama yosakwana kugula inzake. Wobwereketsayo wagwira ntchito ya banki yopanda chiwongoladzanja, n'kuwonjezapo yake.

Pali njira ziwiri zochepetsera izi. Yoyamba ndi kuika tsiku: mtengo wa lero ukugwira ntchito kwa masabata awiri, kupitirira apo ngongole ilipiridwa pa mtengo wa tsiku lolipira. Yachiwiri ndi kulemba ngongole m'katundu, kuti m'kope muoneke tochi imodzi ndi mapaketi awiri a mchere m'malo mwa ndalama. Zonsezi zimagwira ntchito zikanenedwa katundu asanachoke pa windo, pamaso pa mboni, wotengayo n'kusaina kapena kudinda chala. Kusintha mtengo wa ngongole yakale popanda mgwirizano wotere kumangobala milandu kwa amfumu. Ndi nzerunso kuika malire a ngongole zonse pamodzi, mwachitsanzo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a katundu yense, ndi kuzichepetsa Disembala akamayandikira.

Ngongole yotenga nayo ili ndi msampha wake. Munthu akamva kuti zinthu zikwera, amathamangira ku banki mkhonde kuti akaode zambiri mitengo isanasinthe. Pa gulu limene chiwongoladzanja chake ndi K20 pa K100 pa mwezi, ngongole ya K100,000 imabala K20,000 mwezi uliwonse. Katundu wa K100,000 amene akukwera ndi K2 kapena K3 pa K100 pa mwezi wangowonjezera K2,000 kapena K3,000. Ngongole yotere imapindula pokhapokha katunduyo atha mwezi womwewo ndipo phindu lake likuposa chiwongoladzanja. M'chitsanzo cha matochi, phindu la K21 pa K100 m'masabata asanu ndi limodzi silingalipire K20 pa K100 pa mwezi. Za katapila ndiye n'zosayamba n'komwe.

Kuwerenga kwa pa mapeto a oda

Njira yodziwira ngati bizinesi ikukula kapena ikufota siifuna kakyuleta yapamwamba. Tsiku lobwera kooda, wamalonda alembe m'kope kuchuluka kwa katundu yense amene ali naye: matochi angati, zigubu za mafuta zingati, matumba a mchere angati, mipukutu ya ulusi ingati. Pa oda yotsatira alembenso pa tsamba loyang'anana nalo. Ngati ndalama zogulitsa zikukwera mwezi ndi mwezi koma manambala a katundu akutsika, mpamba ukudyeka, kaya m'thumba mukuoneka zambiri chotani.

Kuchokera pamenepa pakutuluka lamulo la kadyedwe. Ndalama ya pakhomo ichotsedwe pambuyo pofunsa mtengo watsopano ndi kupatula yobwezeretsera katundu yense pamodzi ndi ulendo. Popeza banja silingadikire masabata asanu ndi limodzi, mwini okala adziikire ndalama yochepa yokhazikika ya tsiku lililonse, yolembedwa m'kope, ndipo zotsala zidikire tsiku la oda. Katundu wotengedwa pa shelefu kupita kukhitchini alembedwenso pa mtengo wogulitsira.

Lamulo la mtengo wa oda ikubwera limagwira mbali zonse ziwiri. Nthawi zina katundu amatsika ku holoselo, monga madola akayamba kupezekako pa nyengo ya malonda a fodya, kapena katundu wosowa akafika wambiri. Tochi imene inafika pa K3,960 ikayamba kufika pa K3,500, woumirira mtengo wakale adzaona anzake obwera kumene kooda akumulanda makasitomala. Kutsitsa msanga kumaoneka ngati kuluza pa risiti yakale, koma ndalama yolowayo ikugula matochi ochuluka kuposa kale, ndipo m'kope la katundu nambala siitsika.

Wamalonda amene sanayambe kuwerengera motere akhoza kuyamba ndi katundu mmodzi yekha, amene wadya ndalama zambiri mu okala yake. Afunse mtengo wake wa lero ku holoselo, awonjezere gawo lake la ulendo pa mtengo wa lero wa minibasi ndi kabaza, ndipo ayerekeze yankho ndi mtengo umene walembedwa pa shelefu. Ngati wa pa shelefu uli pansi, usinthidwe kasitomala wotsatira asanafike.